Malata amene ndinakutumizirani sanali anu, pepani

Ndili ndi shopu ya zipangizo zomangira nyumba pano pa Mangochi boma, kufupi ndi msika. Lachinayi la sabata yatha lole yanga ya hayala inanyamuka m'mawa ndi malata a anthu anayi, ndipo pofika madzulo anayi onsewo anali atalandira katundu wa eni. Nkhaniyi yayenda kale pa siteji ya kabaza, ndipo yafika m'makutu mwanga itasintha. Ena akuti mnyamata wanga anagulitsa malata abwino panjira n'kuikamo ena, ena akuti ndine kathyali wosintha mageji. Ndiye ndati ndilembe ndekha mmene zinayendera, ndipepese poyera, komanso ndinene gawo lina limene ambiri sakulidziwa, lomwe ndi limene likundichititsa manyazi kwambiri. Mayina a makasitomala sinditchula. Eni ake azizindikira.

Okutobala ndi mwezi wa malata. Aliyense amene wathera chilimwe akuumba njerwa amafuna denga likhale litafoleredwa mvula yoyamba isanagwe, ndipo ndalama za ana athu a ku Joni zimabwera nthawi yomweyi. Kulemba lole pa munthu mmodzi n'kodula, choncho ndimadikira maoda a mbali imodzi achuluke kuti ulendo ukhale umodzi. Sabata imeneyo onse anali a kutsidya kwa Shire. Bambo wina wa pafupi, kungowoloka mlatho wa Bakili Muluzi, anagula malata 20 a mafiti 8 ofolerera khitchini. Mayi wina wachikulire wa ku Malindi anagula malata 36 a mafiti 10, geji 28, a nyumba yogona imene mwana wake akumumangira. Bambo wina wa ku Chowe anagulanso malata 36 a mafiti 10, koma geji 32, a khola la nkhuku. Womaliza anali wa ku Namwera, malata 24 a mafiti 12.

Tinapakira Lachitatu madzulo, ine ndi mnyamata wanga wamkulu amene wagwira nane ntchito zaka 7. Popakira malata pali lamulo losavuta: amene adzatsike komaliza amagona pansi, amene adzatsike koyamba amakhala pamwamba. Ndiponso aatali amayenera kukhala pansi, chifukwa lata lalitali ukalisanjika pa lalifupi nsonga zake zimalendewera n'kupindika m'mabampu. Zonse ziwiri zinagwirizana bwino tsiku limenelo. A ku Namwera pansi, kenako a ku Chowe, kenako a ku Malindi, a kutsidya kwa mlatho pamwamba. Pakati pa mulu ndi mulu tinaika katoni, ndipo pa lata la pamwamba la mulu uliwonse ndinalemba ndi choko: 1, 2, 3, 4. Dzina sindinalembe. Geji sindinalembe. Ndinkadziwa ine, mnyamata wanga ankadziwa, ndiye ndinaona ngati zakwana.

Kutacha Lachinayi mnyamatayo anatumiza uthenga kuti malungo amugwetsa. M'malo moimitsa ulendo, ndinatenga mnyamata waganyu amene amatithandiza kutsitsa simenti, ndinam'patsa kapepala kokhala ndi mayina a malo anayi ndi manambala a foni, n'kumuuza kuti, “Uzitsitsa kuyambira pamwamba, manambala ndalemba.” Kapepalako ndinakalemba mothamanga, potsata mmene anthuwo analipirira, osati mmene lole idzayendere. Ndondomeko ya ulendo inali m'mutu mwanga ndi mwa munthu amene anali chigonere kunyumba.

Dalaivala naye anaganiza za galimoto yake. Amene anakwerapo phiri la ku Chowe ndi katundu akudziwa kuti lole yakale siyikonda mtunda umene uja dzuwa la Okutobala litakwera, injini imawira. Ndiye anati ayambe ndi kutali kukadali kozizira: Namwera, potsika aime pa Chowe, kenako alowere ku Malindi, amalizire pafupi ndi mlatho. Ndikanakhala iyeyo ndikanatero. Palibe amene anamuuza kuti katundu wapakiridwa potsata njira ina. Mnyamata waganyu uja anachita ndendende zimene ndinamuuza: pamalo oyamba anatsitsa mulu 1, pachiwiri mulu 2, mpaka kumaliza. Choncho amene mukumunena kuti anaba, musiyeni mwana wa eni. Iye ndi dalaivala ndinawalipira ndalama zawo zonse, ndipo ndawapepesa pamaso.

Foni yoyamba inalira madzulo a tsiku lomwelo. Bambo wa khitchini uja anali atangofika kunyumba.

“Achimwene, kodi mwandiyesa ndikumanga mzikiti? Malata awa akutalika kuposa khitchini yanga.”

Ku Namwera mwini wake kunalibe pamene lole inafika, analandira ndi mwana wa sukulu, ndiye zinadziwika Lachisanu m'mawa kalipentala atabwera. Bamboyo anakalipa, ndipo anali ndi chifukwa. Kalipentala ndi anyamata ake awiri anali atawalipirira tsikulo, mitanda ya denga inali itakhomedwa kale, mitambo ikusonkhana kumapiri. Ndinayesa kunena mawu opusa, oti mwina angayambe ndi omwewo. Kalipentalayo anatenga foni n'kundiphunzitsa zimene ndinkazidziwa kale. Denga lopimira lata la mafiti 12 limafuna lata limodzi kuchokera pamsonga mpaka m'munsi. Ukati ugwiritse a mafiti 8 uyenera kulumikiza awiri, polumikizapo pamafunika mtanda wina woti ukhomerepo, malatawo ayenera kusanjikizana masentimita 15 kapena kuposa, ndipo denga likakhala losatsetsereka kwambiri mphepo imakankhira madzi polumikiza pomwepo. Kuwonjezera apo malata 20 sangakwane. Ndinangoti pepani. Lachisanu masana dalaivala anali ku mapemphero a Juma, ndiye lole inabwerera Loweruka m'mamawa, mafuta ndi hayala zonse zanga, ndipo ndinabweza ndalama ya tsiku limene amisiri aja anakhala chabe. Awiriwa nkhani yawo inathera pomwepo.

Zolakwa za mtundu umenewu n'zosavuta kukonza, chifukwa zimaoneka ndi maso. Lata la mafiti 8 silingabisale pakati pa a mafiti 12. Geji ndiye imabisala.

Ndifotokoze pang'ono za geji, poti ndaona kuti ambiri amene amagula kwa ine amaimva mozondoka. Geji ndi makulidwe a chitsulo cha lata, ndipo nambala ikamakwera lata limapyapyala. Geji 28 ndi lochindikala kuposa 30, ndipo 30 ndi lochindikala kuposa 32. Akakhala pamulu, onse atsopano, onse akunyezimira, utali umodzi, mizere yofanana, munthu wosazolowera sangawasiyanitse. Kusiyana kumadzaoneka padenga. Lata lopyapyala limafuna mitanda yoyandikana, apo ayi limabwafuka kalipentala akapondapo, ndipo pobwafukapo madzi amadikha. Mphepo ikamaliwomba limagwedezeka pamsomali mpaka bowo likukula, tsiku lina n'kung'ambika, msomali kutsala pamtanda lata litapita. Dzimbiri likayamba limaboola msanga chifukwa chitsulo chake n'chochepa. Geji 32 si lata loipa ayi, ndimagulitsa ambiri, ndipo pa khola, pa bafa, pa mpanda kapena pa nyumba ya munthu amene thumba lake lafika pomwepo limagwira ntchito. Koma amene walipira 28 walipira ndalama zambiri kuti agone osaganiza za denga kwa zaka, makamaka m'mbali mwa nyanja kumene mwera umawomba mosatchingidwa ndi kanthu.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mundimvetsetse. Lachisanu usiku, nditagona, zinandibwerera m'mutu: ngati lole inayenda chobwerera, ndiye kuti sikuti 1 ndi 4 okha ndi amene anasinthana. 2 ndi 3 nawonso anasinthana. Malata a geji 28 a mayi a ku Malindi ali ku Chowe, ndipo mayiwo ali ndi a khola la nkhuku. Onse 36, onse mafiti 10. Palibe amene anaimba foni, chifukwa aliyense anawerenga n'kupeza akwana.

Ndinadzuka, ndinatsegula buku la maoda ndi tochi ya foni, ndipo ndinatsimikiza. Nthawi inali cha m'ma 11 koloko. Ndinadziuza kuti usiku wakula, sungadzutse munthu wamkulu. Loweruka m'mawa ndinadziuza kuti ndithane kaye ndi za ku Namwera. Loweruka madzulo ndinayamba kuwerengetsa: hayala yachitatu, malata mwina akhomedwa kale, ndi ndani adzadziwe? Mayiwo sawerenga zidindo za pamalata. Mwana wawo ali ku Joni, adzangoona chithunzi cha denga lonyezimira. Lamulungu lonse ndinakhala ndi maganizo amenewa, ndikudya, ndikucheza, ngati munthu wabwinobwino. Sindinaganize mochita kutsimikiza kuti ndibisa, koma sindinaimbenso foni, ndipo kusiyana kwa ziwirizi n'kochepa kuposa mmene ndinkadzinamizira. Anali mayi a kunyumba amene anandifunsa Lamulungu usiku chimene chikundidya, ndipo nditawauza anangondiyang'ana n'kunena kuti, “Ndiye mukudikira mphepo ikawauze ndiyo?”

Lolemba m'mawa ndinakwera njinga yamoto kupita ku Malindi. Ndili patali ndinaona kale kuti ndachedwa: mbali imodzi ya denga inali ikuwala. Kalipentala anayamba kukhoma Loweruka m'mawa. Pofika ine anali atamaliza malata 18 a mbali ya kunyanja ndi 4 a mbali inayo, onse pamodzi 22. Ndikanaimba Lachisanu usiku, kapena Loweruka tambala atangolira, sipakanalowa msomali ngakhale umodzi.

Mayiwo anandilandira bwino, anandiyalira mkeka pansi pa mtengo wa mango, akuganiza kuti ndabwera kudzaona ntchito. Ndinawapempha kuti aitane kalipentala atsike. Ndinatenga lata limodzi mwa 14 amene anatsala pansi, ndinalitembenuza, n'kuwaonetsa chidindo cha inki chimene chimayenda m'mbali mwake, pamene pamalembedwa dzina la fakitale ndi geji. Kenako ndinatulutsa kachidutswa ka geji 28 kamene ndinabwera nako, ndinawapatsa kuti akanikize ndi chala chachikulu pamwamba pa mzere, kenako akanikizenso lata lawolo. Kachidutswako sikanasunthe. Lata lawolo linalowa m'kati n'kubwerera ndi kaphokoso.

“Anganga,” ndinatero, “amene munalipira si awa. Awa ndi opyapyala, otsika mtengo. Anu ali ku Chowe. Ndinalakwitsa ndine, ndipo ndinazindikira Lachisanu koma ndinakhala chete.”

Anakhala kaye duu, akuyang'ana padenga. Kenako anatembenukira kwa kalipentala: “Nanga inu bambo, simunaone?”

Kalipentalayo anati anaona kupepuka kwake tsiku loyamba lomwe, koma anaganiza kuti ndi amene ndalama inakwanira, ndipo si ulemu kuuza mwini nyumba kuti wagula zotchipa. Ndikumumvetsa. Koma amisiri inu, chonde, muzifunsa risiti musanakwere padenga. Iye anali atatalikitsa mitanda potengera geji 28 monga anauzidwa poyamba, ndipo malata awiri anali atabwafuka kale pamene anapondapo.

Tinaimbira mwana wawo pa WhatsApp. Mawu amene anandinena sindingawalembe pano, ndipo sindinayankhe ngakhale limodzi, chifukwa munthu amene akugwira ntchito kudziko la eni, kusunga ndalama miyezi yambiri kuti mayi ake agone pabwino, ali ndi ufulu wokalipa. Atatopa anati, “Pepani sapoletsa chilonda, bambo. Ndiuzeni zimene muchite.”

Ndinaika njira ziwiri. Yoyamba, malatawo akhale padenga, ndibweze ndalama yonse imene ikusiyanitsa 28 ndi 32, ndiwonjezere mitanda ndi misomali pa ndalama zanga kuti denga lilimbe. Yachiwiri, tizule onse, ndibweretse 36 atsopano a geji 28. Kunena zoona mtima wanga unkapempherera yoyamba, chifukwa ndiyo yotsika. Koma sindinawakankhire kumeneko, ndipo nditafunsidwa kuti ikanakhala nyumba ya mayi anga ndikanasankha iti, ndinati yachiwiri. Anasankha yachiwiri.

Kuzula malata si kungobweza zimene unachita. Msomali wa malata uli ndi chipewa ndipo thunthu lake ndi lopota, unapangidwa kuti usatuluke. Pouzula kalipentala amatsamiritsa hamala pa kathabwa kuti asaphwanye mzere, komabe bowo limakula, ndipo mtanda ukakhala wouma kwambiri umang'aluka. Mitanda 3 inang'aluka ndipo ndinagula ina. Lata lozulidwa silibwereranso padenga la nyumba yogona, chifukwa mabowo akale sagwera pa mitanda yatsopano ndipo bowo lililonse ndi podontha. Ndiye zimene zinatuluka m'thumba mwanga ku Malindi ndi izi: malata 36 atsopano, misomali makilogalamu 4, mitanda ija, masiku awiri a kalipentala ndi mnyamata wake, ndi hayala ina. Zimene zinabwerera kwa ine ndi malata 14 abwino ndi 22 oboola. Sindikulemba izi kuti mundimvere chisoni. Ndikulemba kuti muone kuti gawo lalikulu la ndalamazi silinatayike Lachinayi ndi choko. Linatayika Loweruka ndi Lamulungu, pamene foni inali m'thumba mwanga. Denga linatha Lachitatu masana, mvula isanabwere, ndipo chidindo cha lata lililonse tinawerengera pamodzi tisanalikweze.

Ku Chowe ndinafika Lachiwiri. Khola linali litafoleredwa lonse, malata 36 a geji 28 pamwamba pa nkhuku. Mwini wake anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati anadabwa kulemera kwake potsitsa, ndipo anaganiza kuti masiku ano geji 32 yayamba kunenepa. Kenako kuseka kunatha, anandifunsa mwankhawa ngati ndabwera kudzazula kapena kudzatenga ndalama yowonjezera. Ena mwa anzanga a malonda anandiuza kuti ndikanamulipiritsa, poti katundu wabwino ali padenga pake. Ine sindikugwirizana nazo. Munthuyo anasankha geji 32 chifukwa ndi pamene ndalama yake inafika, sanapemphe zodula, ndipo sanabe kanthu. Kumukakamiza ngongole imene sanaifune chifukwa cha kulakwitsa kwanga kukanakhala kumulakwira kawiri. Ndinamuuza kuti palibe ngongole.

Pakhoma la shopu yanga panali kachikwangwani koti katundu akagulidwa sabwezedwa. Ndinakapeza pomwe ndinkalowa m'nyumbayi ndipo ndinangokasiya, ngakhale bungwe la CFTC, loona za chilungamo pa malonda, lakhala likuchenjeza amalonda kuti zikwangwani zotere n'zosaloledwa. Bambo wa ku Namwera uja anakatchula pafoni: “Ndiye poti munalemba zija, malata a mafiti 8 ndidye?” Ndakachotsa. Munthu akalipira chinthu china n'kulandira china, malonda sanachitike, ndipo palibe chikwangwani chingasinthe zimenezo.

Zimene zasintha ndi zochepa, ndipo ndinayenera kuzichita kalekale. Ndagula buku la mapepala atatuatatu a kaboni. Oda iliyonse yotumizidwa ilembedwa dzina, malo, chiwerengero, mafiti ndi geji. Pepala limodzi litsala mushopu, awiri apita ndi lole, ndipo limodzi libwerera litasainidwa kapena kudindidwa chala. Mulu uliwonse umangidwa ndi waya pawokha, dzina ndi geji zilembedwa ndi inki yosafufutika pa lata la pamwamba ndi la pansi lomwe. Dalaivala ndikhala naye pansi tisanapakire, osati titamaliza, kuti njira anene ndi iyeyo, ife tipakire potsata njirayo. Ndipo amene wapakira akadwala, lole iima. Kuchedwa tsiku limodzi ndingathe kukufotokozerani pafoni.

Kwa inu olandira, kaya mwagula kwa ine kaya kwina, lole isachoke musanachite zinthu zingapo. Werengani malatawo. Pimani limodzi ndi tepi. La mafiti 10 limapitirira pang'ono mamita 3. Tembenuzani atatu kapena anayi, kuphatikizapo a pakati pa mulu, muwerenge chidindo, chifanane ndi risiti. Chidindo chikakhala chofufutika kapena palibe, nyamulani lata limodzi muyerekeze ndi la mnzanu amene mukudziwa geji yake, kusiyana kwa 28 ndi 32 dzanja limakumva. Ngati simudzakhalapo, siyani munthu wamkulu ndi risiti m'manja, osati mwana. Mukakayikabe, musakhome. Lata losakhoma ndimalitenga tsiku lomwelo.

Ndabwerera m'buku la maoda kuyambira Ogasiti, ndipo ndapeza maulendo ena atatu amene lole inanyamula mageji osiyana tsiku limodzi: wa ku Makawa, wa ku Chimwala ndi wa ku Ulongwe. Maulendo amenewo anapita ndi mnyamata wanga wamkulu ndipo palibe wadandaula, koma ndaona tsopano kuti kusadandaula sikutanthauza kanthu. Onse a maulendo amenewo ndikuwaimbira mmodzimmodzi sabata ino. Amene foni yanu sikupezeka, yang'anani chidindo cha kunsi kwa lata ngati denga lanu lilibe siling'i, ndipo mukapeza zosiyana ndi zimene munalipira bwerani, ndi risiti kapena opanda, dzina lanu lili m'buku.

Kwa bambo a kutsidya kwa mlatho ndi a ku Namwera, pepani chifukwa cha masiku amene munataya. Kwa bambo a ku Chowe, pepani pokuopsezani ndi ulendo wanga. Kwa anganga a ku Malindi ndi mwana wanu, pepani chifukwa cha malata, koma makamaka chifukwa cha Loweruka ndi Lamulungu.

Malata 22 oboola aja ndawatsamiritsa kuseri kwa shopu. Ndi a mafiti 10, geji 32, lililonse lili ndi mabowo a misomali ndipo awiri ndi obwafuka pakati. Wofuna a mpanda kapena a bafa, ndikugulitsa pa theka la mtengo.